NMC yake iti? Kalata imene ndinalembera chipatala cha ku Mangalande

Kalata yoyamba ndinailemba ndili pa naiti, mu Januwale 2023, mvula ikusokosa padenga la wodi ya abambo. Odwala anali atagona, kupatula agogo ena a pabedi la kukona amene ankatsokomola usiku wonse. Ndinabwereka laputopu ya mnzanga, ndinaiika pa desiki pakati pa mafayilo ndi buku la mankhwala, nkuyamba kulemba monga anatiphunzitsira kusekondale. Ndinati ndine mayi wa zaka 33, wapabanja, wa ana awiri, woopa Mulungu, wolimbikira ntchito ndi wokonda odwala. Ndinati unamwino ndi maitanidwe anga kuyambira ndili mwana. Kumapeto ndinagwada bwinobwino, kunena kuti ndidzakhala wokondwa kwambiri pempho langa likaganiziridwa. Za laisensi ndinangoikapo chiganizo chimodzi, chakuti ndine namwino wolembetsedwa ku NMC ndipo zikalata zanga zonse zili m'malo.

Kalata imeneyo ndinaitumiza ku zipatala zisanu ndi zinayi, ndikungosintha dzina pamwamba. Zitatu zinayankha ndi imelo yofanana, ya mizere iwiri, yondithokoza ndi kundiuza kuti sindinasankhidwe. Zinazo zii.

Amene ananditsegula m'maso ndi achemwali anga, mwana wa amayi aakulu, amene anapita ku Mangalande kalekale ndipo panthawiyo nkuti ali sisita woyang'anira wodi. Ndinawatumizira kalatayo ndikuyembekeza kuti akonza Chingelezi. Sanakonze liwu ndi limodzi lomwe. Anaimba foni Lamlungu masana, ine ndikuchapa yunifolomu.

"Iwe, NMC yake iti imene ukunenayi?"

"Yathu yomweyi achemwali, ya ku Lilongwe."

"Nanga amene akuwerenga kalatayi akudziwa za ku Lilongwe? Kwa iyeyo NMC ndi imodzi, ya ku London. Akawerenga kuti unalembetsedwa, akufuna PIN, nambala imene amapatsa namwino wolowa m'kaundula wawo. Wayang'ana pafomu, palibe. Ndiye aganize chiyani? Kaya kuti ukunama, kaya kuti sukudziwa chimene ukunena. Zonse ziwiri sizikuitanitsa ku intavyu."

Ndinakhala chete, sopo akuuma m'manja. Kwathu timangoti "kukhonsolo", ndipo polemba ambiri timafupikitsa dzina la Nurses and Midwives Council of Malawi mosasamala, nkutsala zilembo zitatu zomwezo zimene ndi dzina la bungwe la ku Britain, Nursing and Midwifery Council. Ine sindinafune kunamiza munthu. Koma ku Britain kudzitcha namwino wolembetsedwa pamene dzina lako mulibe m'kaundula wawo si nkhani yamasewera, pali lamulo loletsa. Kaundulayo ali poyera pa intaneti, aliyense atha kulemba dzina lako nkuona ngati ulimo. Chiganizo changa chimodzi chija chinali choti munthu akhoza kuchitsutsa asanamalize ndi kapu ya tiyi yomwe.

Achemwali anandiuza chinthu chimene ndimabwereza kwa aliyense wonditumizira kalata yake lero. Wowerengayo, kaya ndi sisita wa wodi kaya ndi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, ali ndi funso limodzi pa iwe wochokera kunja: munthu ameneyu adzakhala ndi PIN liti? Chifukwa usanaipeze sungagawe mankhwala wekha, sungasainire ngati namwino, sangakuwerengere pa chiwerengero cha manesi a shifiti. Amakulipira ngati wothandizira, pa giredi ya malipiro ya Band 3 kapena Band 4, pamene mpando umene akufuna kudzaza ndi wa Band 5, giredi ya namwino wolembetsedwa. Miyezi yonse ukudikira PIN, mpandowo ndi wopandabe munthu, ndipo chipatala chikuwononga ndalama pa iwe. Ndiye kalata yako imamuthandiza kuwerengera miyezi imeneyo, kapena imamusiya mumdima. Yanga inamusiya mumdima, ndikumuuza za kuopa Mulungu.

Chopweteka ndi chakuti ndinali ndi zonena zenizeni, kungoti sindinazilembe. Njira ya ku NMC ya ku Britain ndinali nditaiyenda kupitirira theka. Njirayo imayamba ndi kutsegula akaunti pa intaneti ndi kupempha kuti aunike maphunziro ako. Umatumiza pasipoti, satifiketi ya unamwino ndi umboni woti unalembetsedwa kwanu, ndipo iwo amafunsa khonsolo yakwanu kuti itsimikize. Nthawi yanga gawo limeneli linali mapaundi 140. Akakhutira amakuloleza kulemba mayeso a pakompyuta otchedwa CBT, amene amalembedwa kumalo a mayeso a Pearson VUE, nthawi yanga pa mapaundi 83. Mayesowa ali pawiri: masamu a mankhwala, mafunso 15 m'mphindi 30, kenako mafunso 100 a ntchito ya unamwino m'maola awiri ndi theka. Chotsalira ndi OSCE, mayeso ochita ndi manja pamaso pa woyesa, a masiteshoni 10, ndipo amenewa amalembedwa ku Britain kokha. Anali mapaundi 794. Ukakhoza, umamaliza pempho lolowa m'kaundula ndi ndalama zina, nthawi yanga mapaundi 153, pamodzi ndi umboni wa Chingelezi, wa thanzi ndi wa khalidwe, kuphatikizapo kalata ya kupolisi.

Ine ndinali nditadutsa gawo loyamba, CBT ndinakhoza mu Sepitembala 2022, ndipo mayeso a Chingelezi a OET ndinalemba mu Epulo 2022. Chinatsala ndi OSCE yokha, imene sindikanatha kulemba ndili ku Malawi. Munthu wofika pamenepa ndi amene zipatala zolemba anthu akunja zimamufuna. Koma m'kalata zonsezi ndinazikwirira m'mawu oti "zikalata zanga zonse zili m'malo", mawu amene anganenedwe ndi munthu amene sanatsegule ndi akaunti yomwe.

Tinakhala masabata awiri tikukangana pa ndime imodzi. Kalatayo inali ya m'Chingelezi, koma ndime yachiwiri imene tinagwirizana, ndikainena m'chinenero chathu, inkati:

"Ndinalembetsedwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi kuyambira 2014 ngati namwino komanso mzamba, ndipo laisensi yanga ya chaka chino ndi yamoyo. Sindinaimitsidwepo ntchito kapena kupatsidwa chilango ndi khonsoloyo. Ku NMC ya ku Britain sindinalowe m'kaundula, choncho PIN ndilibe. Ndinapempha kulembetsedwa ngati namwino wa akuluakulu, maphunziro anga anavomerezedwa, ndipo CBT ndinakhoza mbali zonse ziwiri mu Sepitembala 2022. OET ndinalemba mu Epulo 2022 ndipo ndinapeza B pa kumva, B pa kuwerenga, B pa kulankhula ndi C+ pa kulemba. Chatsala ndi OSCE, imene ndikufuna kulemba mothandizidwa ndi chipatala chanu, ndipo ndidzafunika kuti mundiimire pa viza."

Mawu amene ndinalimbana nawo kwambiri ndi akuti PIN ndilibe. Ndinkaona ngati ndikudzitchera ndekha msampha. Ndani amalemba m'kalata yofunsira ntchito chinthu chimene alibe? Kwathu timabisa, nkumati akakatifunsa ku intavyu tikafotokoza. Achemwali anati: "Mng'ono wanga, ku intavyuko sukafikako. Akudziwa kale kuti ulibe, adilesi yako ndi ya ku Malawi. Chimene sakudziwa ndi ngati iweyo ukudziwa." Ndinawamvera monyinyirika. Lero ndimaona kuti mawu amenewo ndi amene amapangitsa mizere yotsatirayo kukhulupirika. Munthu akanena yekha chimene alibe, akanena chimene ali nacho umamukhulupirira.

Nkhani ya "namwino wa akuluakulu" nayo ili ndi chifukwa chake. Ife ambiri tinaphunzira unamwino ndi uzamba pamodzi, ndipo pachipatala cha boma umatha kuchoka ku wodi ya ana lero, mwezi wamawa uli ku leba, kenako ku wodi ya abambo. Timanyadira zimenezo, ndipo mpake. Koma kaundula wa ku Britain sadziwa munthu wotchedwa namwino-mzamba. Azamba ali ndi gawo lawo, lofuna pempho lake ndi mayeso ake. Anamwino nawo amagawidwa panayi: wa akuluakulu, wa ana, wa matenda a maganizo, ndi wa anthu amene ali ndi ulumali wa kuphunzira. CBT ndi OSCE zimene umalemba zimatsata gawo limene wasankha. M'kalata yoyamba ndinadzaza theka la tsamba ndi za kubadwitsa ana ndi kusoka amayi, pamene ntchito imene ndinkafunsira inali ya wodi ya matenda a m'chifuwa. Wowerenga akanadabwa kuti kodi ameneyu akudziwa khomo limene akugogoda. M'kalata yachiwiri uzamba unatchulidwa kamodzi, pa dzina la laisensi yanga yakwathu, basi. Zinandiwawa, chifukwa ku leba ndi kumene ndinkakonda.

Pa dzina la laisensi pomwepo, lembani monga zilili pa satifiketi yanu. Kwathu tili ndi magulu osiyana. Pali amene anatenga digiri, ngati ya ku Kamuzu College of Nursing imene kuyambira 2021 ili mkati mwa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo pali matekinishani amene ambiri anaphunzira m'makoleji a CHAM. Pawodi tonse ndife manesi, ndipo tekinishani wa zaka khumi amaphunzitsa wa digiri watsopano zinthu zambiri. Koma m'kalata musadzikweze gulu, chifukwa khonsolo yakwathu ikamayankha NMC imanena gulu lanu lenileni, ndipo amene amagamula ngati maphunziro anu akukwanira ndi NMC, pa gawo loyamba lija. Nchifukwa chake ndimauza anzanga kuti asayambe kumwaza makalata asanamve yankho la gawo limenelo. Kalata ya munthu amene sanayambe njira ilibe choika m'ndime yachiwiri.

Tsopano madeti, amene ndi mtima wa nkhani yonse. Ndinafunsa achemwali kuti bwanji tisangoti ndinakhoza OET, mwezi ndi chaka nzachiyani? Anandiuza kuti nditenge cholembera. Zotsatira za mayeso a Chingelezi, kaya OET kaya IELTS, NMC imazilandira kwa zaka ziwiri. Zanga za Epulo 2022 zinkafa mu Epulo 2024. CBT nayo ili ndi zaka ziwiri, ndipo OSCE iyenera kukhozedwa zakazo zisanathe, ndiye kwa ine malire anali Sepitembala 2024. Kalata tinkailemba mu Malichi 2023. Anati tiwerenge monga angawerengere wolemba ntchito. Intavyu mwina Meyi. Akakutenga, afufuze kwa mabwana ako akale, akupatse satifiketi yokuimira pa viza, ukayezetse chifuwa chachikulu chifukwa Malawi ali pa mndandanda wa maiko amene anthu ake amayezetsa, upemphe viza, utsanzike kuntchito. Zonsezi zingakufikitse Ogasiti kapena Sepitembala. Ukafika, malamulo a viza amakupatsa masabata 12 kuti ulembe OSCE koyamba, ndi miyezi 8 kuti ukhale utalowa m'kaundula. Ndiye OSCE ndi cha mu Novembala. Ukalephera, kubwereza ndi Disembala kapena Januwale. OET yako ikufa Epulo. Mpata ulipo, koma si waukulu.

"Waona?" anatero. "Ndi madeti amenewa munthu akhoza kunena kuti uyu timutenge msanga. Popanda madeti akuganiza kuti mwina OET yako yatsala ndi miyezi iwiri, adzakulipirira ndege, ufike, mayeso afe, uyambirenso. Zinawachitikirapo, sakufunanso."

Magiredi nawo ndinawalemba onse anayi pa chifukwa chomwecho. NMC imafuna B pa kumva, kuwerenga ndi kulankhula, ndi C+ pa kulemba. Kwa a IELTS ndi 7 pa zitatuzo ndi 6.5 pa kulemba. Anthu ambiri amalemba kuti "ndinakhoza IELTS" pamene apeza 7 pophatikiza zonse koma 6 pa kulemba. Mayeso amenewa alibe kukhoza kapena kulephera paokha, amangokupatsa nambala, ndipo bungwe lililonse lili ndi mzere wake. Wowerenga wodziwa ntchito akaona mawu oti "ndinakhoza" opanda manambala, amayamba kukayika. C+ yanga ndinkachita nayo manyazi, ndinkafuna kuibisa pakati pa ma B. Koma ndi giredi yokwanira, ndipo kuilemba kunatseka funso.

Chinthu china chimene sindinaike m'kalata ndi nambala ya laisensi yanga, nambala ya pasipoti, kapena nambala imene NMC imapatsa wopempha. Zimenezo zili ndi malo ake pafomu, ndipo akazifuna amafunsa. Kalata imayenda m'maimelo a anthu ambiri, ndipo masiku ano akuba ogulitsa ntchito zabodza achuluka. Ine ndinangoti ndili wokonzeka kupereka manambalawo akawafuna.

Panali kachinthu kena kamene ndikanapunthwa nako. Satifiketi yanga ya kukoleji ndi ya kukhonsolo zili m'dzina la bambo anga. Pasipoti ndinapangitsa nditakwatiwa, ili m'dzina la bambo a kunyumba. Kwa ine zimenezi sizinali nkhani, aliyense kuntchito ankadziwa kuti ndine munthu mmodzi. Koma taganizani munthu wa ku ofesi amene walandira kalata yosainidwa ndi dzina lina, satifiketi ya dzina lina, ndipo mayina onsewo ndi achilendo kwa iye, sangathe nkuwatchula komwe. Ku NMC ndinali nditatumiza kale satifiketi ya ukwati, koma chipatala si NMC, sagawana mafayilo. Tinawonjezera chiganizo chimodzi kumapeto kwa ndime ija, chonena kuti zikalata zanga za maphunziro zili m'dzina la ku utsikana, ndipo satifiketi ya ukwati ilipo. Chiganizo chotopetsa, koma chimapulumutsa masabata a maimelo.

Ndime yachitatu inali ya mzere umodzi ndi theka, ndipo ndi imene anzanga ambiri sadziwa kuti ndi yofunika kwa ife. Inkati ndikufunsira ntchitoyi ndekha, nditaona chilengezo chawo, popanda ejenti kapena kampani ina iliyonse pakati. Chifukwa chake ndi ichi. Bungwe la WHO lili ndi mndandanda wa maiko amene ali ndi kuchepa kwakukulu kwa ogwira ntchito zachipatala. Mu 2020 munali maiko 47, Malawi ndi Mozambique ali momwemo. Mu 2023 anafika 55, Zambia ndi Zimbabwe atalowa. Boma la Britain limatenga mndandanda umenewu nkuutcha wofiira, ndipo malamulo ake a kalembedwe ka antchito azaumoyo akunja amaletsa zipatala ndi maejenti kupita kukakopa anthu m'maiko amenewo. Chimene saletsa ndi munthu kufunsira yekha, mwachindunji, kwa wolemba ntchitoyo. Ndiye wa ku ofesi akaona adilesi ya Lilongwe, Lusaka kapena Harare, funso limamubwerera: kodi uyu wabwera yekha kapena pali wina wamubweretsa? Mzere umodzi ndi theka uja umamuyankha asanafunse.

Nditamva zimenezi ndinapempha achemwali kuti angotenga kalatayo akapereke kwa abwana awo. Anakana. "Ukufuna undipalamulitse? Tumiza wekha, pakhomo lomwe aliyense akulowera." Ndinakwiya masiku awiri. Ndipo ndisabise, kudziwa kuti dziko langa lili pa mndandanda wotere kunandikhudza penapake. Ndinkadziwa amene adzatsale pa naiti ndikachoka. Mndandandawo sunama. Ndinachokabe, ndipo sindidzayesa kudzilungamitsa pano.

Mbali ya ntchito yeniyeni ndi imene ndinailembanso kambirimbiri. Poyamba ndinkangoti ndili ndi luso lalikulu losamalira odwala osiyanasiyana. Achemwali anandifunsa kuti wodi yako ili ndi mabedi angati, usiku mumakhala angati, odwala ambiri akudwala chiyani. Nditayankha anati ndilembe zomwezo. Ndinalemba kuti kwa zaka zisanu ndagwira mu wodi ya abambo ya mabedi 60, kuti usiku timakhala anamwino awiri, kuti odwala ambiri ndi a chibayo, chifuwa chachikulu, mtima, shuga ndi sitiroko, ndipo kuti kawirikawiri ndine amene ndimayang'anira shifiti ndi kuphunzitsa ana a sukulu. Ndinaikapo nkhani imodzi yaifupi, ya wodwala amene ndinamupeza akupuma mothamanga mpweya wa m'magazi ukutsika: zimene ndinayeza, zimene ndinachita dokotala asanafike, ndi mmene ndinamufotokozera dokotalayo pafoni. Dzina, zaka zenizeni ndi tsiku la wodwalayo sindinatchule. Kalata imene yaulula wodwala yadziphera yokha.

Ndinachotsanso madandaulo. Kalata yoyamba inali ndi mizere yonena za kusowa kwa magolovesi, za magetsi ozimazima, za malipiro otha mwezi usanafike pakati. Ndinkaganiza kuti andimvera chisoni. Koma chisoni sichidzaza mpando wa Band 5, ndipo munthu wonyoza kumene akuchoka amaoneka ngati adzanyozanso kumene akupita. Manambala a mabedi ndi a anamwino ankanena okha zimene ndinkafuna kunena.

Kenako ndinalemba zimene sindidziwa, ndipo apa laisensi ikubweranso. Kwathu laisensi ndi kusowa kwa anthu zimakupatsa ntchito zambiri. Kanyula timaika tokha, dilipu timapachika tokha, chubu cha m'mphuno, kafeta, zonse, tsiku loyamba lomwe. Ku Mangalande ngakhale uli ndi PIN, zipatala zambiri zimafuna kuti uphunzitsidwenso ndi kusainiridwa usanayambe kubaya mitsempha kapena kupereka mankhwala a mumtsempha. Ndikanalemba modzitama kuti ndimachita zonse ndekha popanda wondiyang'anira, wowerenga akanaona munthu woopsa, amene sadzadikira kusainiridwa. Ndiye ndinati ntchito zimenezi ndimazichita tsiku ndi tsiku kwathu, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko ndidzazichita pokhapokha atandiyesa ndi kundiloleza. Ndinavomeranso kuti sindinagwiritsepo ntchito mafayilo a odwala a pakompyuta, ndipo kuti NEWS2, njira yawo yowerengera mapointi pa kapumidwe, kuthamanga kwa magazi, kutentha kwa thupi ndi zina kuti adziwe wodwala amene akuipiraipira, ndinaiphunzira pokonzekera mayeso koma sindinaigwiritse pawodi.

Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti kalata yokhala ndi adilesi kumanja ndi deti pansi pake siinafunikenso kwenikweni. Ntchito zambiri za NHS, bungwe la zipatala za boma ku Britain, umafunsira pafomu ya pa intaneti, ndipo kalata yako imalowa m'bokosi lolembedwa kuti "Supporting information". Pachilengezo chilichonse amamata chikalata chofotokoza munthu amene akumufuna, chogawa zofunika pawiri: zimene uyenera kukhala nazo, ndi zimene zingakhale bwino utakhala nazo. Osankha amakhala ndi chikalatacho pambali, nkumachonga chimodzichimodzi. Pa ntchito ya Band 5 choyamba pamndandandawo chimakhala kulembetsedwa ku NMC. Apa ndi pamene ndinamvetsa za zipatala zina zimene zinandikana. Nditabwerera kukawerenga zilengezo zawo, zinayi mwa zisanu ndi zinayi zija zinkafuna munthu amene ali kale ndi PIN, ndipo sizinatchule za kuthandiza pa OSCE kapena kuimira munthu pa viza. Ngakhale ndikanalemba kalata yagolide sakananditenga. Safunsa anadya phula. Ulendo wachiwiri ndinangofunsira kumene chilengezo chinanena poyera kuti amalandira anamwino ophunzira kunja amene akudikira OSCE, ndipo zoterozo ndinapeza zitatu zokha.

Kalata yomaliza inakwana tsamba limodzi. Ndime yoyamba inatchula ntchito ndi wodi imene ndikufunsira. Zaka zanga, banja langa ndi mpingo wanga zinachoka zonse. Za ana anga achemwali anati zidzabwera pa viza, osati pano. Kumapeto, m'malo mogwada, ndinanena kuti kuntchito kwanga ndiyenera kupereka notisi, ndinatchula mwezi umene ndingathe kunyamuka, ndi maola amene ndingapezeke pa intavyu ya pavidiyo. Ndinakumbukira kulemba kuti maolawo ndi a nthawi ya ku Britain, chifukwa timasiyana nawo ola limodzi m'chilimwe chawo ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira.

Pa zitatuzo, chimodzi chinandiitana mu Meyi. Ndinakhala m'chipinda cha mnzanga wokhala ndi intaneti yodalirika, nditavala bulauzi yoyera, kunsi chitenje. Anali amayi awiri. Mmodzi anali ndi pepala m'manja, ndipo nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ndi kalata yanga, ndime yachiwiri itazunguliridwa ndi cholembera. Za laisensi anandifunsa funso limodzi lokha: ngati ndingathe kunyamuka Sepitembala asanathe, poti OET yanga ikutha Epulo. Mphindi zotsalazo tinakamba za wodwala wopuma mothamanga uja.

Ndinafika mu Sepitembala 2023. OSCE ndinalemba mu Novembala, ndipo ndinagwa siteshoni imodzi, ya kugawa mankhwala. Ndinaiwala kuyang'ana kachibangili ka dzina pamkono wa wodwala ndisanamupatse mapilitsi, chinthu chimene kuwodi kwathu kunalibe, kumene tinkangoitana dzina wodwala nkuyankha kapena gadiyani nkumuyankhira. Mwamwayi pobwereza umangolemba masiteshoni amene wagwa. Ndinabwereza mu Disembala, ndipo imelo ya PIN inafika mu Januwale 2024, ndili m'basi kupita ku shifiti ya m'mawa, kunja kudakali mdima. OET yanga inali itatsala ndi miyezi itatu.

Sabata yatha mtsikana amene ndinamuphunzitsa kuika kanyula ali mwana wa sukulu wanditumizira kalata yake kuti ndimuonere Chingelezi. Masamba awiri ndi theka. Ndi wa zaka 29, wosakwatiwa, wolimbikira ntchito, ndipo akuti ndi wolembetsedwa ku NMC. Ndamuuza kuti andiimbire Lamlungu akaweruka, ndipo abwere ndi cholembera, satifiketi ya kukhonsolo ndi pepala la zotsatira za IELTS.